Meseji ya pa WhatsApp si kotesheni: zimene marimu 60 anandiphunzitsa

Sabata yatha mnyamata wina amene ndinamuphunzitsa Fomu 4, yemwe pano akugulitsa zipangizo zomangira, anandifunsa kuti: "Sala, kodi masiku ano imelo ili ndi ntchito? Makasitomala anga onse ali pa WhatsApp." Ndinamuyankha mwachidule, koma funsolo landikhala mumtima, chifukwa nane ndinkaganiza chimodzimodzi mpaka pamene ndinapsa zala.

Maganizo anga ndi awa. Meseji ndi ya nkhani imene ikutha lero lomwe. Nkhani iliyonse imene muli mtengo, kuchuluka kwa katundu, tsiku kapena lonjezo, ndiponso imene munthu wina wachitatu angadzafune kuiona, ipite pa imelo. Ndifotokoze mmene ndinafikira pamenepa.

Mu teremu yoyamba ya 2023 ndinali m'komiti yogula zinthu pasukulu pathu, ndipo anandituma kupeza mapepala osindikizira mayeso a kumapeto kwa teremu. Tinkafuna marimu 60. Lachisanu pa 3 Novembala ndinalembera bambo wina wa shopu ya mapepala m'tauni, amene tinkagulako kawirikawiri. Ndinati: "Bwana, marimu a A4 alipo? Tikufuna 60." Pasanathe mphindi ziwiri anayankha: "Alipo aphunzitsi, 8,000." Ine ndinatumiza kachithunzi ka chala chachikulu kaja, n'kuchulukitsa 60 ndi K8,000, n'kupita kwa abasala kukanena kuti tikonze K480,000.

Inu amene mumagwira ntchito m'sukulu mukudziwa kuti cheke sichinkatuluka tsiku limodzi. Ahedi asaine, wina wosaina nawo apezeke, mafomu adzazidwe. Cheke chinatuluka Lolemba pa 13 Novembala. Pakati pa masiku awiriwo, Reserve Bank inali itatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti. Nditafika kushopu, bambo aja anandiuza mwaulemu kuti rimu tsopano ndi K11,000, ndipo mtengowo ndi wopanda msonkho wa VAT, umene nthawi imeneyo unali 16.5 peresenti. Rimu imodzi inafika pa K12,815. Ndalama imene ndinanyamula inakwanira marimu 37 basi, ndipo galimoto yonyamulira inali ya ife tomwe.

Ndinatulutsa foni n'kuwaonetsa meseji yawo. Anaiwerenga n'kundifunsa modekha: "Aphunzitsi, pamenepa ndalemba pati kuti msonkho ulimo? Ndalemba pati kuti mtengowu ufika sabata ya mawa?" Ndinasowa chonena, chifukwa sananame. Paja akuluakulu anati safunsa anadya phula. Ndipo musathamangire kuloza chala kwacha yokha. Ngakhale ikanapanda kugwa, msonkho wokha ukanawonjezera K79,200, ndipo ndikanabwerera ndi marimu 51 m'malo mwa 60.

Vuto silinali foni ayi. Vuto ndi lakuti meseji imatikokera kulemba mwachidule ndi kuyankha mwachangu. Munthu akalemba mawu atatu, nawenso umachita manyazi kumubwezera ndime yonse ya mafunso. Imelo imachita zosiyana. Ukaona malo olembapo mutu, malo a moni ndi tsamba lopanda kanthu, mutu umayamba wokha kufunsa kuti: katundu wanji, angati, pa mtengo wanji, afika liti, anyamula ndani? Ndikanalemba imelo yopempha kotesheni, bambo aja akanatumiza pepala la kampani yawo loonetsa msonkho ndi masiku amene mtengowo ugwire ntchito. Akanalemba masiku 14, ndikanakhala ndi pogwira. Akanalemba masiku atatu, ndikanadziwa kuti cheke chathu chichedwa ndipo ndikanachenjeza ahedi. Konsekonse ndikanapindula.

Chinthu chachiwiri ndinachiona nditabwerera kusukulu. Abasala anafunsa pepala loti aike m'faelo lofotokoza chifukwa chimene tapemphera ndalama ya marimu 60 n'kubweretsa 37. Umboni wonse unali m'foni yanga, pakati pa mameseji a kumudzi ndi a gulu la kutchalitchi. Ahedi sanaone chilichonse cha zimene tinakambirana. Tangoganizani ndikanasamutsidwa kupita kusukulu ina, kapena foniyo ikanabedwa pa depoti. Pa imelo pali malo a CC, pamene umaika adiresi ya ahedi kapena abasala, ndipo onse amaona zokambiranazo nthawi yomweyo. Mukagwiritsa ntchito adiresi ya sukulu kapena ya bizinesi, mbiri ya nkhaniyo imatsala pamalopo ngakhale inu mutachoka.

Chachitatu, meseji ya pa WhatsApp imatha kusintha itatumizidwa kale. Wotumiza akhoza kuikonza pasanathe mphindi 15, ndipo ngakhale pamaoneka mawu akuti "Edited", zimene zinalembedwa poyamba simuzionanso. Akhozanso kuifufuta mbali zonse ndi "Delete for everyone" kwa masiku pafupifupi awiri. Palinso "Disappearing messages", pamene mameseji amazimiririka okha pakatha maola 24, masiku 7 kapena masiku 90. Sindikunena kuti amalonda ndi akuba, ambiri ndi anthu olungama. Koma imelo ikalowa m'bokosi mwanu, nthawi zambiri wotumiza sangabwerenso kudzaisintha. Nanga za mawu ojambula aja, ndisayambe n'komwe. Mungafufuze bwanji mtengo m'mawu a mphindi zitatu amene munthu anajambula ali mu minibasi?

Ena anena kuti meseji nayo ndi umboni. N'zoona. Kuno ku Malawi lamulo la 2016 lotchedwa Electronic Transactions and Cyber Security Act limazindikira mauthenga otumizidwa pa makina. Koma umboni umangoonetsa zimene zinalembedwa. Meseji yanga ija ikanafika kukhoti, ikanangotsimikiza kuti ndinafunsa funso losakwanira.

Tsono ndisakhale ngati ndikunyoza meseji, chifukwa pali ntchito zimene imelo singakwanitse. Dalaivala akasochera pa mphambano ali ndi katundu wanu, simungamulembere imelo. "Ndafika pa geti", "Ndichedwa ndi theka la ola", "Kodi inki ya makina aja ilipo?", zonsezi ndi za meseji, chifukwa pofika mawa zilibenso ntchito. Kufunsa ngati katundu alipo, monga ndinachitira ine, sikunali kulakwa. Kulakwa kunali kutenga yankho lakelo n'kukalemba nalo cheke.

Njira imene ndimatsata tsopano ndi yophatikiza. Ndimayamba ndi meseji kufunsa ngati katundu alipo ndi kupempha adiresi ya imelo. Kenako ndimalemba imelo yonga iyi:

Mutu: Pempho la kotesheni ya marimu 60 a mapepala a A4

Okondedwa Bambo,

Potsatira zimene takambirana lero m'mawa, sukulu yathu ikufuna marimu 60 a mapepala oyera a A4 a magalamu 80. Chonde titumizireni kotesheni yoonetsa mtengo wa rimu imodzi, msonkho wa VAT paokha, mtengo wonyamulira kudzafika pasukulu pano, ndi tsiku lomaliza limene mtengowu ugwire ntchito. Malipiro athu amatenga masiku pafupifupi khumi kuti atuluke. Katunduyu tikumufuna pasanafike pa 20 mwezi uno.

Ine wanu,

Pansi pake dzina, udindo ndi nambala ya foni. Ndikatumiza, ndimabwerera pa WhatsApp ndi mzere umodzi: "Bwana, ndakutumizirani imelo, chonde ionenso." Mzere umenewu ndi wofunika, chifukwa anthu ambiri satsegula imelo tsiku lililonse. Meseji ikhale belu la pakhomo, imelo ikhale kalata yeniyeniyo.

Ophunzira anga akale, mwaona kuti iyi ndi kalata ya ntchito yomwe ija tinkalimbana nayo m'kalasi, ina mwa inu mukuodzera? Mutu womveka, nkhani imodzi, palibe zofunsa za mvula ndi mbuzi. Onaninso mutuwo. Musalembe "Moni" kapena kusiya opanda kanthu. Pakatha miyezi isanu ndi umodzi mudzafuna kulemba mawu akuti "marimu" pofufuzira n'kuipeza nthawi yomweyo.

Pali mfundo imodzi yotsutsa imene ndimailemekeza kwambiri. Kalipentala amene amatikonzera madesiki alibe imelo, ndipo bandulo imene amagula ndi ya WhatsApp yokha. Kumukakamiza imelo n'kumuchotsa pa ntchito popanda chifukwa. Kwa anthu otere ndimalemba meseji ngati kuti ndi imelo. Ikhale meseji imodzi yathunthu, osati tizidutswa khumi: madesiki angati, thabwa lanji, mtengo wa imodzi, ndalama yoyambira ntchito, yotsala, ndi tsiku lomaliza. Pamapeto ndimalemba kuti: "Ngati tagwirizana, chonde yankhani kuti mwavomera zonsezi." Chala chachikulu sindichilandira, chifukwa kwa ena chimatanthauza "ndaona" pomwe kwa ena ndi "ndavomera". Akayankha, ndimajambula zokambiranazo kapena kugwiritsa ntchito "Export chat", n'kutumiza ku imelo ya sukulu tsiku lomwelo. Akatumiza invoisi kapena lisiti, ndimapempha kuti aitumize ngati PDF kapena posankha "Document", chifukwa chithunzi wamba chimachepetsedwa ndipo manambala ang'onoang'ono saoneka bwino mukasindikiza.

Palinso nkhani ya ulemu. Munthu amene simunakumanepo naye, makamaka wa ku ofesi yaikulu kapena banki, nambala yake ya foni ndi ngati khomo la kunyumba kwake. Kumugwera ndi meseji 9 koloko usiku yakuti "Muli bwanji", n'kukhala chete kudikira kuti ayankhe kaye, kumaoneka ngati chibwana. Poyamba lembani imelo, dzitchuleni, nenani chimene mukufuna. Iye akakuuzani yekha kuti "tizilankhulana pa WhatsApp", ndiye kuti wakutsegulirani khomo. Dandaulo nalonso lipite pa imelo. Pa meseji munthu wokwiya amalemba msanga kuposa mmene akuganizira, ndipo ubale wa zaka zisanu umatha m'mphindi zisanu.

Musanadine potumizira, dzifunseni funso limodzi: uthengawu utasowa mawa, kodi pali amene angataye ndalama kapena kusowa choyankha kwa abwana ake? Ngati palibe, tumizani meseji. Ngati alipo, khalani pansi mulembe imelo, ngakhale ikudyereni mphindi khumi.

Teremu imeneyo ana a Fomu 1 ndi Fomu 2 analemba mayeso ena pokopera mafunso pa bolodi, chifukwa mapepala sanakwane. Palibe amene anandikalipira, koma ine ndinkadziwa pamene panachokera vutolo. Bambo a shopu aja timagulabe kwa iwo mpaka lero, ndipo akangoona meseji yanga amayamba okha kuseka: "Aphunzitsi, ndadziwa, mukufuna ya pa imelo." Inu amene muli m'mabizinesi ndi m'maofesi, ndiuzeni mmene mumachitira kwanuko, makamaka ndi makasitomala amene imelo safuna n'kuimva komwe.