Pempho kwa Anthu Onse: Dzino Likabenthuka, Tisaliwononge Poyembekezera Chipatala

Ife amene tinalumikizana ngati gulu la nzika zokhudzidwa ndi umoyo wa m'madera mwathu tikubwera ndi pempho pa nkhani ya dzino lobenthuka, kapena lomwe linamatidwa kuchipatala koma chomatacho chachoka. Vuto lotere silisankha tsiku. Limabwera usiku, kumapeto kwa sabata, kapena pamene ndalama ya thiransipoti palibe, ndipo munthu amayenera kupirira masiku angapo asanaonane ndi dokotala wa mano. Pempho lathu ndi lakuti m'masiku amenewo tisayese kuchiza dzinolo tokha, chifukwa dzino silipola ngati bala la pakhungu. Ntchito ya kunyumba ndi yochepetsa ululu ndi kusunga pamalopo paukhondo, kuti munthu akafike kuchipatala dzino likadali lotheka kupulumutsa ndipo thupi lake lisanavulazidwe ndi mankhwala.

Dzino lili ndi zigawo zitatu. Kunja kuli chikamba choyera cholimba kwambiri, chomwe sichimva kanthu. Pansi pake pali gawo lachikasu lofewerapo, lokhala ndi timabowo tosaoneka ndi maso tolowera m'kati. Pakati penipeni pali mnofu wamoyo wa mitsempha ndi magazi. Pakabenthuka chikamba chokha, dzino limangokanda lilime. Gawo lachikasu likaonekera, monga zimakhalira chomata chikachoka, madzi ozizira, tiyi wotentha ndi shuga zimalasa ngati singano, koma ululuwo umatha msanga. Mukaona kadontho kofiira pakati pa malo osweka, kapena magazi akutuluka m'dzino mwenimwenimo osati m'nkhama, ndiye kuti mtsempha uli pamtunda, ndipo munthu ameneyo ayesetse kuonana ndi dokotala tsiku lomwelo kapena m'mawa mwake. Chimodzimodzinso ululu wobwera wokha, wogunda, wodzutsa munthu usiku ndi kukhalitsa ngakhale chotentha chachoka m'kamwa: umenewo umasonyeza kuti mtsempha watupa m'kati mwa dzino, pamalo opanda mpata woti utupire.

Tiyerekeze bambo wa zaka 40, wathanzi, amene Lachisanu madzulo waluma kamwala m'nyemba ndipo mbali ya dzino lakumbuyo, lomwe linamatidwa kale, yagumuka. Choyamba alavule zonse, achukuche m'kamwa ndi madzi ofunda omwe asungunuliramo theka la sipuni yaing'ono ya mchere pa kapu imodzi, ndipo azibwereza akamaliza kudya ndiponso asanagone. Ngati nkhama ikutuluka magazi, alume kansalu koyera kopinda kwa mphindi 10 mpaka 15 osakasuzumira pafupipafupi. Chidutswa chikakhala chachikulu, makamaka cha dzino lakutsogolo, achisunge mumkaka, chifukwa nthawi zina dokotala amatha kuchimatanso. Nsonga yakuthwa yomwe ikucheka lilime aiphimbe ndi chingamu chopanda shuga chotafuna kale, koma achichotse pogona. M'mafamase ena a m'tauni mumapezeka phala lomatira dzino mongoyembekezera. Limathandiza bowo likakhala loyera ndi louma, koma lisaikidwe pamene pali kutupa kapena mafinya, chifukwa limatsekera matenda m'kati. Bamboyu azitafunira mbali inayo, adye zofewa monga phala, nsima yofewa, nthochi ndi mazira, asiye mzimbe, chimanga chokazinga ndi zakumwa zozizira kwambiri. Asasiye kutsuka mano poopa ululu. Azidutsitsa mswachi mofatsa pamalopo, ndipo asatokose bowolo ndi singano kapena kamtengo ka machesi.

Pa mankhwala ndi pamene tikupempha kuti timvetsetsane bwino, popeza apa ndi pamene anthu amavulala. Kwa munthu wamkulu, panado wa mamiligalamu 500 amamwa mapiritsi awiri nthawi imodzi, ndipo pazidutsa maola osachepera anayi asanamwenso, koma asapitirire mapiritsi 8 pa maola 24. Bulufeni, amene dzina lake lenileni ndi ibupulofeni, amagwira bwino pa dzino chifukwa amachepetsa kutupa komwe kukubweretsa ululuwo. Mlingo wake ndi mamiligalamu 400 katatu pa tsiku, atadya kaye. Mapiritsi ake ena ndi a 200, ena a 400, choncho werengani pa pepala lake musanameze. Mankhwala awiriwa amagwira ntchito m'njira zosiyana, n'chifukwa chake amaloledwa kumwera limodzi, ndipo onse pamodzi amathetsa ululu wa dzino kuposa aliyense payekha. Bambo uja angamwe panado 6 koloko m'mawa, 12 koloko masana, 6 koloko madzulo ndi 12 koloko usiku, ndipo bulufeni azimwa pa kadzutsa, pa nkhomaliro ndi pa chakudya chamadzulo. Alembe nthawi iliyonse papepala, chifukwa usiku wa ululu munthu amaiwala kuti wamwa kale. Aike nsalu yonyowa ndi madzi ozizira patsaya, ndipo agone atatsamira kuti mutu ukwere, popeza kugona chafulati kumawonjezera kugunda kwa dzino.

Mlingo umenewu si wa aliyense. Bulufeni asamwe mayi woyembekezera, munthu wa zilonda za m'mimba, wa matenda a impso kapena a mtima, amene akumwa mankhwala oletsa magazi kuundana, ndi wa mphumu amene chifuwa chake chimabanika akamwa asipulini. Wa kuthamanga kwa magazi ayambe wafunsa achipatala. Bulufeni asaphatikizidwenso ndi indosidi, dikilofenaki kapena asipulini, chifukwa onsewa ndi a banja limodzi ndipo pamodzi amatha kuboola m'mimba ndi kuwononga impso. Panado naye, ngakhale timamuona wofatsa, amawononga chiwindi akapitirira mlingo, ndipo choopsa chake n'chakuti munthu amaoneka bwinobwino tsiku loyamba, vuto n'kudzaonekera patapita masiku awiri kapena atatu. Mankhwala ambiri a chimfine ndi a mutu ali ndi palasitamolo, yemwe ndi panado yemweyo, moti munthu atha kupitirira mlingo osadziwa. Amene amamwa mowa kwambiri, wa matenda a chiwindi, ndi wolemera makilogalamu osakwana 50 afunse mlingo wochepera. Amene wapitirira mlingo apite kuchipatala nthawi yomweyo ngakhale akumva bwino. Mwana amapatsidwa mankhwala molingana ndi kulemera kwake, ndipo asipulini asapatsidwe mwana wosakwana zaka 16.

Alipo amene anganene kuti kumeza piritsi n'kuzungulira, bola kuika mankhwala pa dzino penipenipo. Maganizowa ndi amene amachititsa anthu kuphwanya asipulini n'kumuika pankhama, kapena kudonthezera m'bowo asidi wa batire, mafuta a mabuleki, petulo, palafini, fodya wopera ngakhale guluu. Tikumvetsa kuti ululu wa dzino umafikitsa munthu poyesa chilichonse. Koma asipulini ndi asidi, ndipo akakhala pankhama amasiya chilonda choyera cha kupsa, pamene ululu wa m'dzino sanaukhudze n'komwe, chifukwa mankhwalawa amagwira ntchito akalowa m'magazi. Asidi wa batire amasungunula dzino lenilenilo ndi kuwotcha lilime ndi tsaya, ndipo mafuta a mabuleki ndi poizoni akamezedwa. Wina adzati, "Koma mnansi wanga anaika, ululu unatheratu." N'zotheka ndithu. Ululu umatha mtsempha ukafa, kaya waphedwa ndi asidi kaya ndi matenda. Dzino lakufa limakhala nyumba ya tizilombo, timene timatsikira kunsonga ya muzu n'kupanga mafinya m'fupa la nsagwada. Pakapita masabata kapena miyezi munthu amadzuka tsaya litatupa, ndipo dzino lomwe likanangomatidwa limafunika kuzulidwa. Choncho ululu woopsa ukatha wokha mwadzidzidzi, ulendo wa kuchipatala usaimitsidwe.

Ena amathamangira kugula amokisilini kapena fulajilo kugolosale, makapisozi angapo molingana ndi ndalama yomwe ili m'thumba. Mankhwala amenewa si opha ululu, ndipo satha kuchiza mtsempha wotupa kapena wakufa m'kati mwa dzino, momwe magazi safikamo bwino. Dokotala amawapereka matenda akayamba kufalikira, ndipo ngakhale pamenepo dzinolo limayenera kugwiridwa. Kuwamwa mwa apo ndi apo kumangozoloweretsa tizilombo, kuti tsiku limene adzafunikedi asadzagwire ntchito.

Dandaulo lomwe tikuliona kuti n'lolemera ndi lakuti chipatala cha mano chili kutali, mzere ndi wautali, ndipo ukafika nthawi zambiri amangozula. Sitikukana. Madokotala a mano m'Malawi muno ndi ochepa kwambiri, moti maphunziro a digiri ya udokotala wa mano anangoyamba mu 2019 ku Blantyre, ndipo zipangizo zomatira sizipezeka nthawi zonse. Ichi ndi chifukwa choti tonse tizifunsa makomiti a zipatala ndi makhansala athu za chithandizo cha mano. Koma si chifukwa chokhalira kunyumba. Chithandizo cha mano chimapezeka m'zipatala za maboma ndi m'zipatala zazikulu za Queen Elizabeth, Kamuzu, Zomba ndi Mzuzu, ndipo wofika msanga ndi amene ali ndi mwayi woti dzino lake limatidwe. Ngakhale kuzula kumene, kochitidwa ndi wodziwa ntchito, ndi jakisoni wa dzanzi ndi zida zowiritsa, n'kwabwino kuposa kusunga mafinya m'nsagwada. Amayi oyembekezera nawo asaope: angoneneratu kuti ali ndi pakati, chithandizo cha dzino amalandira.

Pali zizindikiro zimene siziyembekezera Lolemba. Bambo uja akaona kuti kutupa kukukwera kulowera kudiso, kapena kukutsikira kunsi kwa chibwano ndi m'khosi, kuti thupi latentha ndipo akunjenjemera, kukamwa kukukanika kutseguka, malovu akuvuta kumeza, mawu asintha kapena kupuma kukubanika, apite kuchipatala chilichonse chapafupi nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku, ngakhale kulibe dokotala wa mano. Kutupa kwa pansi pa lilime kumatha kutseka njira ya mpweya m'maola ochepa, ndipo anthu amafa nako. Asachine tsayalo ndi madzi otentha kapena kuboola chotupacho. Odwala shuga ndi amene chitetezo chawo cha m'thupi n'chotsika asadikire kuti zifike pamenepo, apite akangoona kutupa kulikonse. Chimodzimodzi dzino lomwe lasweka pa ngozi ya njinga kapena pomenyedwa, ngati mano sakukumananso monga kale, chifukwa nsagwada ikhoza kukhala itathyoka.

Ngati zonsezi palibe, bamboyu alawirire Lolemba m'mawa atadya kaye, atatenga buku lake la kuchipatala, mapepala a mankhwala onse amene wamwa ndi kapepala kolembapo nthawi kaja. Ngati anaikapo china chilichonse pa dzinolo, anene mosabisa kuti chinali chiyani ndipo anaika liti, chifukwa dokotala akufunika kudziwa zimenezo asanasankhe chochita.