Bokosi losalembedwa pa fomu silitanthauza "ayi"

Tiyerekeze kuti mumalemba odwala pa chipatala china chaching'ono m'boma la Mchinji, ndipo mkulu woyendetsa chipatalacho wakulemberani kalata. Akuti kuyambira tsopano fomu ya mwana aliyense izidutsa pa mndandanda wa mafunso mu tabuleti, ndipo tabuletiyo izipereka chigamulo mu JSON. Musathe nayo mantha JSON. Ndi kalembedwe chabe koti makompyuta amvane: dzina la chinthu, kenako yankho lake.

```json
{"under_2_months": false, "triage": "queue"}
```

Apa ikunena kuti mwanayo wakwanitsa kale miyezi iwiri, choncho adikire pamzere. Ganizoli ndi labwino ndithu, chifukwa tabuleti sidumpha funso ngakhale odwala atadzaza khonde. Koma ine ndikuti musaivomereze kalatayo isanayankhe funso limodzi: bokosi likasiyidwa losalembedwa, chimachitika n'chiyani?

Ndondomeko yosankhira ana odwalitsitsa yotchedwa ETAT, yomwe idakula kuchokera ku ntchito ya pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, imagawa ana patatu: ofunika thandizo pompopompo, ofunika kuonedwa msanga, ndi otha kudikira. Khanda losakwana miyezi iwiri likadwala silidikira pamzere, ngakhale likuoneka ngati langogona, chifukwa pa msinkhu umenewo matenda aakulu amabisala.

Tsono taganizirani mayi wochokera mudzi wa tsidya la Zambia, kufupi ndi Mwami. Buku la kusikelo waliiwala kunyumba, ndipo tsiku lobadwa la khanda lake akulikayikira. Inu mwasiya bokosilo, monga mukuyenera kuchitira. Pulogalamu yolembedwa mosasamala imaona kuti palibe chosonyeza kuti mwanayo ndi wosakwana miyezi iwiri, basi n'kulemba `false`. Khanda la masabata asanu lapita kumapeto kwa mzere, ndipo chigamulocho chikuoneka chaudongo ngati china chilichonse. Udongowo ndiye woopsa: pa pepala namwino akanaona bokosi lopanda kanthu n'kufunsa.

JSON ili nawo kale mawu otanthauza kuti palibe chomwe chalembedwa, omwe ndi `null`. Yankho loona liyenera kukhala lotere:

```json
{"under_2_months": null, "triage": "review",
 "missing": ["date_of_birth"]}
```

Ndiye kuti namwino amuone yekha mwanayo, ndipo chomwe chikusowa chatchulidwa.

Ena adzati zotere zichulukitsa ntchito ya namwino yemwe ndi wotopa kale. Zoona, ichuluka. Koma kusuzumira khanda m'nsalu ndi kufunsa mayi ngati lidabadwa mwezi uno kapena watha sikutenga nthawi. Kalatayo inenenso poyera kuti namwino ali ndi mphamvu yosintha chigamulo cha tabuleti popanda kuopa kudzudzulidwa.

Kuyesa kwake n'kosavuta. Tsiku loyamba, odwala asanafike, lembani fomu yongoyeserera, musiye tsiku lobadwa. Tabuleti ikayankha `queue`, ibwezeni kwa bwana pamodzi ndi kalata yawo.