Nkhani ya maliro pa gulupu: lembani kaye, voisi ibwere pambuyo

Pafupifupi banja lililonse la ku Katete lomwe lili ndi ana ku Lusaka kapena ku Chipata lili ndi gulupu ya WhatsApp. Mmenemo ndimo mumadutsa nkhani za ukwati, za chilimba, za ulendo wa ku Kulamba ku Mkaika, ndiponso za maliro. Ambiri a ife tikakhala ndi nkhani, chala chimathamangira pa kamaikolofoni, chifukwa kulankhula n'kofulumira. Ine ndikuti nkhani iliyonse yomwe ikufuna kuti munthu anyamuke kapena atumize ndalama iyenera kulembedwa. Voisi ili ndi ntchito yake, koma siyenera kunyamula tsiku, malo ndi nambala payokha.

Tiyerekeze kuti amalume amwalira usiku ku chipatala cha St Francis, ndipo adzaikidwa kumudzi kwa Mbang'ombe. Mwana wa mlongo wawo amene anali pambali pa bedi akujambula voisi ya mphindi zinayi n'kuiponya m'gulupu ya anthu 40. Akulira, akufotokoza mmene matenda anayambira, akuthokoza amene ankabwera kudzazonda. Tsiku loika maliro akulitchula pa mphindi yachitatu, nambala yotumizira chipepeso kumapeto kwenikweni.

Tsopano taganizirani amene akulandira. Wina ali m'minibasi ku Lusaka alibe zomvera m'makutu, wina ali m'kalasi, wina akugulitsa m'shopu. Onsewa aona kuti kwabwera voisi, koma sakudziwa ngati ndi maliro kapena ndi nthabwala za masiku onse, ndiye akuti adzamvera madzulo. Kuchokera ku Lusaka kufika ku Katete ndi makilomita pafupifupi 500 pa msewu wa Great East, ulendo womwe umadya usana, ndipo mabasi ambiri amanyamuka pa Intercity m'mamawa. Munthu amene wamva nkhaniyo madzulo wataya tsiku lathunthu. Meseji yolembedwa ikanaonekera pamwamba pa foni, iye n'kuiwerenga ndi diso limodzi ali pantchito.

Vuto lachiwiri ndi manambala. Ife timawerenga ndalama m'Chizungu ngakhale tikulankhula Chinyanja, ndipo "fifitini" ndi "fifite" zimamveka ngati chinthu chimodzi munthu akamalankhula akusisima, mphepo ikuwomba pa foni. Banja lagwirizana kuti aliyense asonkhe K50 ya bokosi ndi ufa, ena atumiza K15 ndi mtima woyera, kenako anthu akuyamba kunenana kuti uje ndi woumira. Nambala ya foni ili ndi manambala 10. Ikakhala yolembedwa, mumaikopa monga ilili. Ikakhala m'voisi, mumamvera, kuimitsa, kulemba papepala, kubwezanso, ndipo mukaphonya imodzi chipepeso chikhoza kupita kwa munthu wachilendo.

Chachitatu ndi chakuti voisi siifufuzika ndipo siikonzeka. Pofika masana m'gulupu mwadzaza mauthenga achipepeso oposa 100. Wofuna kukumbuka tsiku angalembe mawu oti "kuika" pofufuzira n'kupeza meseji yolembedwa nthawi yomweyo, koma mawu a m'voisi satuluka pamenepo. Mukalakwitsa tsiku polemba, WhatsApp kuyambira 2023 imalola kukonza meseji pasanathe mphindi 15, ndipo onse amaona yokonzedwayo. Voisi mumayenera kuifuta kapena kujambula ina, pamene yoyambayo mwina yatumizidwa kale ku gulupu ya kumpingo. Ikafika kumeneko mawu oti "mawa" asanduka msampha, chifukwa womvera sakudziwa kuti mawa lake ndi liti.

Pali ndi abale a ku Vubwi kapena kumidzi ya ku Sinda, kumene netiweki imabwera ndi kupita. Meseji ya mizere isanu siifika ngakhale 1 KB, imalowa foni ikangogwira pang'ono. Voisi ya mphindi zinayi ndi ma KB mazana angapo, ndipo imatha kumangozungulira osatseguka. Azakhali amene ali ndi kafoni ka mabatani alibe n'komwe WhatsApp. Meseji yolembedwa mukhoza kuikopa n'kuwatumizira pa SMS, koma voisi ilibe njira yofikira kumeneko.

Okonda voisi ali ndi mfundo zawo, ndipo si zopepuka. Achikulire ambiri amawerenga movutikira, ena maso anafooka, ena sukulu sanapite nayo patali. Kulembera gulupu yotere basi ndi kuwatsekera kunja pa nkhani ya m'bale wawo. Komanso imfa si chilengezo cha msonkhano. Kwathu uthenga wa maliro umanenedwa ndi pakamwa, modekha, ndipo mizere itatu youma imaoneka ngati wolembayo alibe chisoni.

Mfundo ina ndi yachitetezo. Akuba amalanda akaunti ya munthu n'kulembera abale ake kuti kwagwa vuto, tumizani ndalama pa nambala iyi. Meseji yolembedwa aliyense angailembe, pamene mawu a mlongo wanu mumawadziwa kuyambira muli ana. Pa nkhani yopempha ndalama, voisi imathandiza kutsimikizira kuti wolankhulayo ndi yemweyo, ngakhale wokayika ayenera kuimbabe foni asanatumize.

Mfundo zimenezi zikusonyeza kuti voisi ikufunika, koma sizikusonyeza kuti ikhale yokha. Zimene zimathandiza ndi kutsata ndondomeko. Choyamba, amayi a womwalirayo, akazi ake, ana ake ndi abale ake a bere limodzi aimbiridwe foni kapena afikiridwe ndi munthu. Palibe amene ayenera kumva za imfa ya kholo lake pa gulupu, kaya molemba kaya mwa voisi. Akadziwa amenewa, munthu mmodzi amene mtima wakhazikikako alembe motere:

"ZOVUTA. Amalume athu aakulu atisiya usiku wa Lachiwiri pa 12 ku St Francis. Maliro ali kumudzi kwa Mbang'ombe. Kuika ndi Lachisanu pa 15, nthawi ya 10:00. Chipepeso K50 aliyense, tumizani pa nambala ili m'munsiyi."

Liwu loyambalo likuuza munthu wotanganidwa kuti aime. Tsiku lili ndi dzina ndi deti lomwe, kotero meseji ikatumizidwa kwina tanthauzo silisintha. Nambala ilembedwe payokha m'meseji yotsatira, pamodzi ndi dzina lomwe lidzaonekera potumiza ndalamazo, kuti wotumiza ayerekeze asanatsimikize. Kenako mesejiyo muikhomere pamwamba pa gulupu ndi Pin, kuti isamire m'mauthenga achipepeso.

Pamenepo ndiye voisi ibwere, yosapitirira mphindi imodzi. Yambani ndi kunena kuti ndinu ndani ndiponso lero ndi tsiku lanji, nenani zimene zalembedwazo m'mawu anuanu kuti agogo amve, ndipo pa nambala muwauze kuti mdzukulu awawerengere pa meseji. Nkhani ya mmene matenda anayendera isungeni, mukaifotokoza pa siwa anthu atakhala pansi.

Kudziwa kuti uthenga sunagwire ntchito n'kosavuta. Mukaona anthu atatu akufunsa kuti "kuika ndi liti?" pansi pa voisi yanu, vuto si ulesi wawo. Lembani tsikulo nthawi yomweyo, chifukwa pa atatu ofunsawo pali ena khumi amene achita manyazi kufunsa, ndipo mmodzi wa iwo adzafika kumudzi anthu akuchokera kumanda.