Kankhope kachisoni ka pa chidole

Pa msika wa ku Ntengo-wa-Mbalame, pafupi ndi matumba a kachewere ndi milu ya kabichi, pamabweranso ogulitsa zidole. Amayala timagalimoto ta pulasitiki, timipira ndi timafoni toimba nyimbo. Zidolezi zimachokera kutali. Pa mapepala ake pamalembedwa Chipwitikizi, Chingelezi kapena Chitchaina. Koma pali chizindikiro chimodzi chosafuna chilankhulo, ndipo mwana wa kalasi yoyamba angathe kuchiwerenga.

Chizindikirocho ndi chozungulira, chofiira. M'kati mwake muli kankhope ka khanda kachisoni ndi manambala awa: 0-3. Mzera wofiira wadula pakati. Tanthauzo lake ndi lakuti chidolechi asapatsidwe mwana amene sanakwane zaka 3.

Makolo ena amaseka akamva zimenezi. Amati, "Wangayu ndi wochenjera, ali ndi zaka ziwiri koma amayankhula ngati wamkulu." Zoona, angakhale wochenjera. Koma chizindikirochi sichiyesa nzeru, chimayesa kummero. Mwana wamng'ono amaika m'kamwa chilichonse chimene watola. Njira yake ya mpweya ndi yopapatiza, ndipo alibe mphamvu yotsokomola kuti atulutse chimene chatsekamo.

Ku Ulaya ndi ku Amerika, oyesa zidole ali ndi kachitini kotakata mamilimita 31,7, kofanana ndi kummero kwa mwana. Amakoka ndi kugwetsa chidole kuti aone chimene chingathothoke. Kachidutswa kakalowa konse m'kachitinimo, chidolecho sichiyenera mwana wosakwana zaka 3. Kumudzi kachitiniko kulibe, koma chitsekerero chachitsulo cha botolo la fanta chilipo. Kukula kwake ndi komweko, pafupifupi masentimita 3. Kanthu kalikonse kochepa kuposa chitsekererocho ndi koopsa kwa khanda.

Nachi chitsanzo. Bambo agulira mnyamata wawo wa zaka 7 kagalimoto. Iyeyo kamuyenera ndithu. Koma panyumbapo pali mng'ono wake amene wangoyamba kuyenda. Pakapita masiku, tayala limodzi laguluka ndi kugwera pamphasa. Mkulu uja ali kusukulu, mayi ali pamoto. Wamng'ono walitola, waliponya m'kamwa. Mwana wotsamwa kwambiri salira, satsokomola, ndipo milomo yake imayamba kuda. N'chifukwa chake munthu amene ali panja sangamve kanthu.

Timafoni toimba ndi zidole zowala zili ndi choopsa china. M'kati mwake mumakhala kabatire kaphwatalala, konyezimira ngati ndalama yachitsulo. Kakakhala pammero, kamatha kuotcha mnofu koopsa m'maola awiri okha. Mwana amene wameza kabatire sayenera kusanzitsidwa kapena kudikira kuti kuche. Athamangire naye kuchipatala nthawi yomweyo. Ndipo aliyense wa ku Tsangano kapena ku Furankungo amadziwa kutalika kwa njira ya ku Ulongwe ndi ku Tete, makamaka nthawi ya dzinja. Chidole chabwino chimakhala ndi kachitseko ka batire komangidwa ndi sikuluwu, kosatseguka ndi chikhadabo.

Tsono mlandu waukulu uli kwa yani? Uli kwa wogulitsa. Nthawi zambiri zidole zimafika m'thumba limodzi lalikulu, chizindikiro chili pa thumbalo kapena pa katoni. Wogulitsa amang'amba thumba, kulitaya, n'kuyala zidole chimodzichimodzi kuti ziwale padzuwa. Chenjezo lapita kudzala, chidole chapita kunyumba ya munthu. Kumeneku ndi kulakwa. Wogulitsa ndiye yekha amene anaona pepalalo, choncho ndiye ayenera kulisunga ndi kulionetsa.

Wina anganene kuti, "Ndikanena zimenezi, malonda anga sayenda." Koma mayi amene wauzidwa kuti kagalimoto sikayenera khanda lake sabwerera chimanjamanja. Amagula mpira waukulu m'malo mwake, ndipo tsiku lina la msika amabweranso pomwepo. Ntchito yake ndi yochepa. Wogulitsa ayale zidole m'milu iwiri, wa makanda ndi wa ana okulirapo. Pa kapepala kamene walembapo mtengo alembeponso zaka. Asanalandire ndalama afunse kuti, "Mwanayo ali ndi zaka zingati? Nanga ali ndi mng'ono wake?"

Galimoto yamawaya imene anyamata amapanga okha ilibe pepala lililonse, komabe muyeso wa chitsekerero umagwira ntchito pa tizidutswa take. Apa ndi pamene mwana wa kalasi yoyamba angathandize. Iye amadziwa kale kuwerenga 0 ndi 3. Akaona kankhope kaja pamsika, awakoke mayi ake chitenje ndi kuwalozera. Akatha kusewera kunyumba, awerenge matayala ngati akali anayi, kenaka aike kagalimoto kake pamwamba, posafikira mng'ono wake.