Musanamenye mwana chifukwa cha 49, yambani mwayeza sikelo

Ine ndimagulitsa nyemba ndi mtedza mumsika, ndipo ntchito imeneyi inandiphunzitsa kusakhulupirira nambala ndisanadziwe amene wagwira sikelo. Thumba limodzi lomwelo, kwa wogula wina limalemera makilo 50, kwa wina 47, chonsecho nyemba sizinatayike panjira. Nanga n'chifukwa chiyani tikaona malikisi pa sukulu lipoti timawatenga ngati atsika kumwamba? Bolopeni yofiira nayo ndi sikelo, abale anga, ndipo imagwiridwa ndi munthu.

Mwana wa achemwali anga amene ndimakhala naye ali Fomu 3. Teremu yoyamba anapeza 74 pa Chingerezi. Teremu yachiwiri, atasintha mphunzitsi, anabwera ndi 49. Anafika pa benchi panga maso ali psuu, n'kunena kuti, "Mayi aang'ono, madamu atsopano aja amadana nane." Mayi ake atamva pa foni anagamula nthawi yomweyo kuti mwanayu wayamba zibwenzi. Onse awiri ndinawatsutsa, ndipo ndikutsutsa aliyense amene amathamangira mayankho awiri amenewa, chifukwa onse ndi aulesi. Palibe amene anali atatsegula pepala lenilenilo.

Tinayamba ndi kuwonkhetsa. Gawo la galamala anapeza 23 pa 30, kumvetsa nkhani 16 pa 30, chimangirizo 13 pa 40. Zimenezi ndi 52, osati 49. Malikisi atatu anasowa pophatikiza, monga ndimalakwitsira chenji ine dzuwa likafika pamutu. Munthu amene akuchonga mapepala 64 usiku sangalephere kuphonya, ndipo madamuwo atawasonyeza anakonza popanda mkangano.

Kenako ndinamufunsa funso limene makolo ambiri safunsa: amene anakhala nambala wani anapeza zingati? Teremu yoyamba anali ndi 85, yachiwiri 68. Anzake atatu amene amapikisana naye anatsika ndi malikisi pakati pa 15 ndi 18. Umu ndi mmene wochonga woumira amadziwikira. Kalasi yonse imatsika pamodzi, koma mndandanda susintha kwenikweni: amene anali kutsogolo amakhalabe kutsogolo. Sikelo yobera sisankha nkhope, imabera aliyense wobwera ndi thumba. Akanakhala kuti amadana ndi mwana wathuyu, iye yekha ndiye akanagwa anzake ali chiimire.

Chizindikiro china chili m'kati mwa pepala. Pa galamala, pamene yankho ndi lokhoza kapena lolakwa basi, anachoka pa 24 kufika pa 23. Pamenepo wochonga alibe mpata woumira kapena wopatsa. Koma chimangirizo chinachoka pa 30 kufika pa 13. Dzanja la wochonga limaonekera pa mafunso amene amafuna kuti iye aganize yekha kuti izi zakoma bwanji. Mwana akagwa pa galamala pomwe, musavutike n'kufufuza mphunzitsi. Sanawerenge.

Komabe wathuyu sanatuluke woyera. Anzake anatsika ndi 17 kapena kuyandikira apo, iye anatsika ndi 22, ndipo anachoka pa nambala 5 kufika pa nambala 9. Malikisi asanu otsalawo ndi ake. Funso linati alembe kalata yopita kwa mkulu wa sukulu yodandaula za madzi. Iye analemba nkhani yokoma ndithu ya mmene mjigo unaonongekera, koma keyala ya wolandira panalibe, mutu wa kalata panalibe, ndipo anatsiriza ngati akulembera mnzake. Madamu anali atalemba m'mbali kuti imeneyi si kalata ya ntchito. Iye sanawerenge n'komwe mawuwo, anangoona 49 n'kupinda pepala. Choncho pa malikisi 25 amene ankalirira, atatu anali a kuwonkhetsa, pafupifupi 17 anali a sikelo, asanu anali ake.

Tsopano pali funso limene linandisowetsa tulo: sikelo yoona ndi iti, yoyamba kapena yachiwiri? Ife timangoganiza kuti amene watipatsa zambiri ndiye wachilungamo. Pali bambo ena opuma ntchito yauphunzitsi amene amagula mtedza kwa ine. Ndinauza mwanayo kuti akopere zimangirizo zonse ziwiri pa mapepala atsopano, zolakwika zake momwemo, popanda dzina kapena malikisi, ndipo ndinawapempha bambowo kuti achonge. Cha teremu yachiwiri anachipatsa 16, pamene madamu anapereka 13. Cha teremu yoyamba, chija cha 30, anachipatsa 21. Ndikudziwa kuti bambowa nawo ndi sikelo ina, si mngelo ayi. Koma taonani kusiyanako. Woumira uja anamumana atatu, wopatsa uja anamuonjezera asanu ndi anayi.

Apa ndiye pali mkwiyo wanga. Mphunzitsi wowolowa manja timamukonda, ana amamutchula kuti ndi wabwino, makolo sapita kukamufunsa kanthu. Pa pepala loyamba lija munali zolakwika za masipelo zimene ngakhale ine ndinaziona, koma panalibe mzere wofiira ndi umodzi womwe, kungoti chichongi chachikulu pansi. Ameneyo sanamuchitire chifundo mwanayo. Anamugulitsa kilo ya magalamu 800 akumwetulira. Mwana anayenda miyezi itatu akudziyesa wa 74, ndipo kulira kwake kwa teremu yachiwiri kunaphikidwa teremu yoyamba. Pa MSCE adzachongedwa ndi munthu amene sanamuonepo, amene sadziwa kuti ndi mwana waulemu wosesa m'kalasi. Kumeneko 6 ndi kirediti, 7 ndi pasi chabe, ndipo amene anazolowera basera amadzidzimuka nthawi yokonza itatha.

Ena anena kuti ndikuikira kumbuyo aphunzitsi ankhanza. Ayi. Alipo amene amanyadira kuti kwa iwo palibe amene amadutsa 60, ngati kuti kumana ndi nzeru. Ameneyo amapanikiza ana onse pakati pa 40 ndi 60, moti wolimbikira ndi waulesi amaoneka ngati ofanana, ndipo wolimbikirayo amagwa ulesi. Kukondera kwenikweni nako kulipo. Pepala lolembedwa mwaukhondo limakopa diso, dzina la mwana wodziwika kuti ndi wanzeru limafewetsa dzanja, ndipo pepala lapakatikati likabwera pambuyo pa pepala labwino kwambiri limaoneka loipa kuposa mmene lilili. N'chimodzimodzi nyemba zanga zikayandikana ndi zosankhidwa bwino. Koma kukondera kuli ndi umboni wake: mayankho awiri ofanana, malikisi osiyana. Mwana aike pepala lake pambali pa la mnzake, funso lomwelo. Ngati mfundo ndi zomwezo koma wina ali ndi 8 wina 4, ali ndi mlandu womveka. Ngati umboniwo palibe, "amadana nane" ndi bulangete lofunda ulesi.

Wathuyu ndinamutuma kwa madamu, koma ndinamuletsa kunena kuti mwandimana. Ndinati akafunse kuti, "Madamu, kuti kalata iyi ifike pa 25, ikusowa chiyani?" Funso lotere wochonga woona amaliyankha ndi chala pa pepala, ndipo amene anangoponya nambala amachita chibwibwi. Madamuwo anamusonyeza zinthu zinayi, namuuza kuti alembenso abweretse Lolemba. Mayi ake mpaka lero akuumirirabe za zibwenzi zija, koma ndawauza kuti akabwera adzayambe awerenga mapepala awiriwo, ndawasungira m'chikwama momwe ndimasunga kope la ngongole.