Tsiku lililonse likhale ndi nkhani yake pa Status ya shopu yanu

Tsegulani WhatsApp m'mawa uliwonse muone zomwe amalonda anzathu aika pa Status. Ambiri aika zithunzi khumi kapena kuposerapo, ndipo pansi pa chilichonse alemba mawu omwewo: "Zafika, fulumirani." Mawa lake ndi zomwezo, mkuja ndi zomwezo. Wogula akaona mawuwa masiku angapo otsatizana amasiya kuwerenga, ndipo wina amangobisa Status yanu kuti isamaonekenso kwa iye. WhatsApp sikudziwitsani kuti wakubisani. Inu mumapitiriza kutha bandulo pouza khoma.

Maganizo anga ndi akuti shopu yaing'ono yomwe ilibe ndalama yolipirira wailesi kapena chikwangwani isamalembe mwachisawawa. Igawe masiku a sabata, lililonse likhale ndi mutu wake, ndipo mitu imeneyi izibwerezedwa sabata ndi sabata. Katundu akhoza kukhala yemweyo, koma chifukwa chomuonera chizisintha.

Tiyerekeze ndi mayi wogulitsa zitenje mu kashopu ka mumsika wa Limbe. Ali ndi foni, manambala a makasitomala ake ndi kope. Mitengo yomwe nditchule ndi yongoyerekeza.

Lolemba ndi tsiku la mitengo. Mayiyu ajambule zitenje zitatu ndipo pansi pa chilichonse alembe mtundu, kutalika kwake ndi mtengo, mwachitsanzo: "Chitenje cha mamita awiri, K9,000. Mukatenga zitatu, K25,500." Ndikudziwa kuti ambiri sakonda kuika mtengo poyera, poopa kuti mnzawo wa benchi loyandikana atsitsa wake. Koma mnzanuyo mtengo wanu amaudziwa kale, akhoza kungotuma mwana kudzafunsa. Yemwe saudziwa ndi wogula, ndipo ambiri amachita manyazi kufunsa poopa kuti ukakhala wokwera aoneka osauka. Ena amadandaula kuti mitengo ikusinthasintha. Apa Status imathandiza, chifukwa imafufutika yokha pakatha maola 24. Pa Facebook pokha, pomwe zolemba zimakhalitsa, lembani tsiku pambali pa mtengo kuti wina asadzakukakamizeni ndi mtengo wa miyezi itatu yapitayo.

Lachiwiri musagulitse chilichonse, phunzitsani. Wogulitsa zitenje amadziwa zinthu zomwe wogula sadziwa. Akhoza kulemba kuti: "Chitenje chatsopano chichapeni pachokha m'madzi ozizira, musachiviike nthawi yaitali, ndipo muyanike pamthunzi kuti chisasuluke." Sabata ina afotokoze kuchuluka kwa nsalu yofunika pa siketi kapena diresi, atafunsa kaye telala yemwe amagwira naye ntchito. Tsikuli ndi lomwe limachititsa anthu kuti asabise Status yanu, popeza amapezapo kanthu ngakhale m'thumba mulibe ndalama.

Lachitatu ndi la katundu watsopano. Mawu aja akuti "zafika" agwiritsidwe ntchito tsiku lokhali, ndipo zikhale zitafikadi. Ngati mumaoda Lachinayi, sunthani mutuwu upite tsiku lotsatira kuodako. Sabata yomwe simunaode, musaname. Tengani chitenje chomwe chakhalitsa pa shelefu, muchijambule panja pomwe pali kuwala, mulembe chovala chomwe chingasokedwe nacho.

Lachinayi muonetse ntchito ya katundu wanu. Chithunzi cha diresi yosokedwa ndi nsalu ya mu shopu yanu chimakopa kuposa nsalu yopindidwa. Koma pemphani kaye chilolezo kwa mwini wake, ndipo akakana kuonetsa nkhope jambulani chovala chokha. Musaike poyera uthenga womwe kasitomala anakutumizirani dzina ndi nambala yake zikuoneka. Mukatero mutaya iyeyo pamodzi ndi abale ake.

Lachisanu ndi la kumapeto kwa sabata. Maukwati ndi zinkhoswe zambiri zimachitika Loweruka, ndipo Lamulungu anthu amafuna kutchena ku tchalitchi. Lembani zomwe zatsala ndi kuchuluka kwake kwenikweni: "Za mtundu uwu zatsala zinayi." Zikakhala makumi awiri musanene kuti zatsala ziwiri, chifukwa wobwera kudzagula adzaona mulu wonsewo ndi maso ake. Dziwaninso kuti wofuna nsalu yofanana ya gulu la ukwati amafuna nthawi yosokera, choncho kamodzi pamwezi kumbutsani anthu otere kuti aziitanitsa kudakali masabata angapo.

Loweruka lembani zoti munthu akupezeni mosavuta: mzere womwe shopu ili, chizindikiro chodziwika chomwe yayandikana nacho, nthawi yotsegula ndi yotseka, komanso ngati mumalandira Airtel Money kapena Mpamba. Kwa inu izi ndi zodziwikiratu, koma amene anasunga nambala yanu sabata yatha sakuzidziwa.

Lamulungu pumani, ndipo madzulo mupatule theka la ola kulemba m'kope mawu a masiku asanu ndi limodzi akubwerawo. Apa ndi pomwe ndimayankha onena kuti alibe nthawi. Chomwe chimadya nthawi ndi kuganiza cholemba uli pakati pa makasitomala ndi kubweza chenji. Mawu akakhala kale m'kope, m'mawa mumangojambula, kukopera ndi kutumiza. Tsiku lililonse zithunzi zisapose zitatu, ndipo mawu akhale mizere iwiri kapena itatu, chofunika kwambiri chikhale koyambirira.

Ndondomekoyi iziyenda ndi thumba la wogula. Kumapeto kwa mwezi, olembedwa ntchito akalandira, Lolemba ndi Lachisanu muonetse nsalu zodula. Pakati pa mwezi muike patsogolo zotsika mtengo. Masabata otsegulira sukulu, makolo ali pa fizi ndi yunifomu, musadabwe malonda akazizira. Limbikirani mitu ya Lachiwiri ndi Lachinayi kuti asakuiwaleni.

Mudziwa bwanji kuti zikuyenda? Chiwerengero cha omwe aona Status chisakunyengeni, poti ambiri amangodutsapo ndi chala. M'kope lomwe lija lembani tsiku, mutu, anthu omwe afunsa ndi omwe agula. Wobwera pa shopu mumufunse kuti, "Mayi, mwachionera kuti chitenjechi?" Pakatha masabata anayi werengani. Tinene kuti pa Lolemba zinayi afunsa anthu 20 koma agula awiri: ndiye kuti anthu akuwerenga, vuto lili pa mtengo kapena pa kuchedwa kwanu kuyankha. Ngati pa Lachinayi zinayi palibe wofunsa, sinthani mutu wa tsikulo, ena muasiye momwe alili. Mukasintha zonse pakamodzi simudziwa chomwe chathandiza.

Pali malire omwe tiyenera kuvomereza. Status imaonedwa ndi anthu okhawo omwe anasunga nambala yanu, inunso munasunga yawo. Ngati muli ndi manambala makumi atatu, mawu anu okomawo afika kwa anthu makumi atatu basi. Choncho lembani nambala ya shopu pa katoni pomwe wogula aliyense aione, ndipo pomupatsa katundu wake mupemphe kuti musungirane manambala. Lamulungu likubwerali tengani kope, mulembe mayina a masiku kumanzere ndi mutu wa lililonse kumanja, ndipo Lolemba m'mawa muyambe ndi zinthu zitatu ndi mitengo yake.