Asidi ndiye amathiridwa m'madzi: yankho kwa onena kuti zonse n'chimodzimodzi

Asidi wa salufyuliki, yemwe pabotolo amalembedwa kuti H2SO4, amafika mu labotale ali wamphamvu ya 98 peresenti, ndipo pa ntchito zambiri amayamba wasungunulidwa ndi madzi. Lamulo lake ndi lakale: madzi ndiwo amayamba kulowa m'chiwiya, asidi n'kumathiridwa pamwamba pake pang'onopang'ono. Koma pakati pa achinyamata amene angoyamba kuphunzira ntchito ku Chipata ndi madera ozungulira, pali mawu amene afala akuti lamuloli n'lamwambo chabe, aphunzitsi amangolikonda pofuna kuopseza ana. Amati kusakaniza n'kusakaniza basi, chimene chayamba kulowa chilibe kanthu poti mapeto ake ndi amodzi. Umboni wawo amautenga kwa okonza mabatire, amene tsiku lililonse amathira madzi mu batire lodzaza asidi popanda chowachitikira. Maganizowa ndi olakwa, ndipo amene akukonzekera kukagwira ntchito mu labotale ya chipatala ngati Chipata Central, kumalo ofufuza za ulimi ku Msekera, kapena mu labotale ya sukulu ya sekondale ngati Chizongwe, ayenera kumva bwino pomwe kulakwako kwagona.

Pali mbali imodzi imene onena zimenezi akhoza, ndipo mphunzitsi asaikane. Madzi ndi asidi zikasakanikirana bwinobwino n'kuzizira, zotsatira zake zimakhaladi zofanana, kaya chinayamba kulowa ndi chiti. Ngakhale kutentha konse kumene kumatuluka n'kofanana. Mfundoyi anaikhazikitsa Germain Hess mu 1840, ndipo palibe wasayansi amene amaitsutsa. Kusiyana kuli pakati pa ntchitoyo, makamaka poyambirira penipeni, pamene zinthu ziwirizi zikukumana koyamba. Funso lofunika ndi lakuti kutenthako kukutulukira pati, ndipo chikukulandira n'chiyani.

Asidi wa salufyuliki akakhudzana ndi madzi amagwirana nawo mwamphamvu, ndipo kugwiranako kumatulutsa kutentha kwambiri. Madzi amatha kumeza kutentha kochuluka asanafunde n'komwe, pomwe asidi ndi wosapirira: kutentha kumene kungakweze madzi ndi digiri imodzi kumakweza asidi wolemera mofanana ndi madigiri pafupifupi atatu. Chinanso n'chakuti asidiyu ndi wolemera komanso wonanda. Lita imodzi imalemera makilogalamu 1.84, pomwe lita ya madzi imalemera kilogalamu imodzi. Choncho madzi akathiridwa pa asidi samira. Amayandama pamwamba, ndipo kutentha konse kumaunjikana pamalire opyapyala pomwe ziwirizi zakumana.

Pamenepo ndi pamene ngozi imabadwira. Asidi sawira mpaka atapitirira madigiri 300, koma madzi amawira pa madigiri 100, ndipo ku Chipata, komwe kuli pamtunda wa mamita opitirira 1,000 kuchokera panyanja yamchere, amawira asanafike n'komwe pa 100. Timadzi tochepa toyandamato timasanduka nthunzi mwadzidzidzi, nthunziyo n'kuphulika ndi kumwaza zonse zili pafupi. Wokazinga vitumbuwa pamsika wa Kapata amadziwa zimene dontho la madzi limachita likagwera m'mafuta otentha. Kusiyana kwake n'kwakuti mu labotale chimene chimathethekera kumaso ndi asidi wosasungunula, amene amadya khungu, kubowola zovala ndi kuwononga diso m'kanthawi kochepa.

Chitsanzo chooneka bwino chili m'ntchito yoyeza makhololo pofufuza chifuwa chachikulu. Njira ya Ziehl-Neelsen imafuna mankhwala otsukira utoto pagalasi, ndipo amodzi mwa mankhwala odziwika pa ntchitoyi amapangidwa ndi mamililita 250 a asidi wa salufyuliki ndi mamililita 750 a madzi osungunulira a mu labotale. Wophunzira amene watsata lamulo amayamba ndi madzi onse 750 m'chiwiya. Akathiramo mamililita 25 oyamba a asidi n'kutakasa, madziwo amangokwera ndi madigiri pafupifupi 10. Asidiyo, pokhala wolemera, amamira n'kudutsa m'madzi akumwazikana, ndipo kutentha kumagawika m'chiwiya chonse. Ngati kadontho kathetheka panthawiyi, kamakhala ka madzi okhala ndi asidi wochepa.

Mnzake amene wayamba ndi asidi yense 250 n'kuthiramo mamililita 25 a madzi amakumana ndi zina. Ngakhale madziwo atasakanikirana bwino nthawi yomweyo, chiwiya chonse chingakwere ndi madigiri opitirira 50. Akafika pa mamililita 80 a madzi, kukwerako kumapitirira madigiri 100. Koma zoona zake n'zakuti madziwo sasakanikirana bwino, ndiye pamalire paja pamatentha kuposa pamenepa, ndipo madzi otsatira amagwera pa asidi wotentha kale. Mulingo ndi womwewo wa mamililita 25, koma m'chiwiya china chinthu changofunda pang'ono pomwe m'chinacho chayamba kulira ndi kulavula.

Chitsanzo chomwechi chikusonyezanso malire a lamuloli, mbali imene aphunzitsi ambiri amaidumpha. Kuyamba ndi madzi pakokha sikupulumutsa munthu. Asidi yense 250 akakhuthulidwa kamodzi m'madzi 750, kutentha kumakwera ndi madigiri 70 mpaka 80. M'mwezi wa Okutobala, madzi a m'chipinda akakhala kale pa madigiri 30, ndiye kuti chosakanizacho chafika pa 100 kapena kupitirira. N'chifukwa chake chiwiya chimakhazikidwa m'beseni la madzi ozizira, asidi n'kumathiridwa pang'ono, kutakasa, kudikira, kenako kuthiranso. Amatsetserekera m'mbali mwa chiwiya kapena pa kandodo kagalasi kotakasira, osati kugwa kuchokera m'mwamba. Kusukulu, komwe kawirikawiri amasungunula mamililita 54 okha kuti apange lita imodzi ya 1 M, kutentha kumangokwera ndi madigiri pafupifupi 20, ndipo mwina n'chifukwa chake ophunzira ochokera kumeneko amaiona nkhaniyi mopepuka.

Kutakasa kuli ndi chifukwa chake chapadera. Asidi akathiridwa m'madzi osatakasidwa amakakhala pansi ngati nsenga, osasakanikirana. Wophunzira amaona chiwiya chili phee n'kuganiza kuti zonse zili bwino, ndiye amapitiriza kuthira. Akadzagwedeza pamapeto, asidi yense wapansiyo amakumana ndi madzi nthawi imodzi, ndipo zimene lamulo limafuna kupewa zimachitika ndithu. Zizindikiro zake zimaoneka munthu akayang'ana chiwiya cham'mbali poyera: pamakhala timizere tonyezimira tolendewera m'madzi, ndiponso mzere wolekanitsa zapansi ndi zapamwamba. Kuthira kumaima mpaka timizereto titatha. Kukamveka kulira kwa tsii, kapena nthunzi ikayamba kukwera, kapena galasi likatentha mosagwirika ndi dzanja lovala magolovesi, ndiye kuti wothirayo wathamanga.

Chiwiya nachonso chimasankhidwa. Chiyenera kukhala cha galasi lopirira moto, cha kukamwa kwakukulu, ndiponso chachikulu kuposa zimene zilowemo. Botolo la galasi lochindikala limang'ambika mkati mukatentha kunja kuli kozizira, ndipo silinda yoyezera sinapangidwire kusakaniziramo. Mulingo womaliza umayezedwa chosakanizacho chitazizira, chifukwa chikatentha chimafufuma n'kunamiza woyeza. Magalasi oteteza maso sakhala pamphumi kapena m'thumba, amakhala kumaso asanatsegule n'komwe botolo.

Nanga okonza mabatire aja? Zimene amachita n'zoona ndipo n'zoyenera, koma sizikutsutsa lamuloli. Asidi wa mu batire la galimoto kapena la sola ndi wosungunula kale: asidi weniweni amangokhala pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu, ndipo lita imodzi imalemera pafupifupi makilogalamu 1.28 batire likakhala lodzaza moto. Kutentha kwakukulu kunatuluka kale tsiku limene asidiyo ankasungunulidwa, ndiye madzi owonjezera amangotulutsa kochepa kamene sikangawiritse kanthu. Chimene chimatha mu batire pakapita nthawi ndi madzi, n'chifukwa chake amabwezeramo madzi osungunulira, osati asidi. Wophunzira amene waona izi n'kukazichita pa botolo la 98 peresenti wafanizira zinthu ziwiri zimene zangofanana dzina. Ndipo wokonza mabatire yemweyo, akafuna kudzipangira asidi wa mu batire kuchokera ku asidi wamphamvu, lamulo limamugwira ngati wina aliyense.

Ena amafunsa ngati lamuloli limakhudza asidi aliyense. Salufyuliki ndiye woopsa kwambiri pa nkhani ya kutentha. Asidi wa haidulokuloliki amabwera ali kale ndi madzi ambiri m'botolo, choncho satentha motero, koma amatulutsa mpweya wotsamwitsa umene umachuluka akafunda. Ndi bwino kuti wophunzira azolowere njira imodzi pa asidi aliyense wamphamvu, chifukwa dzanja lozolowera silidikira kuwerenga pabotolo. Opanga sopo amatsata zomwezi ndi kositiki soda, ngakhale iye si asidi: amathiridwa m'madzi, osati madzi pa iye.

Pali malo amodzi pomwe madzi amathiridwa pa asidi mwadala, ndipo apa ndi pamene wophunzira womva lamulo mwatheka amatha kudzipweteka. Asidi akagwera pakhungu kapena m'maso, pamafunika madzi nthawi yomweyo, ochuluka ndiponso oyenda, kwa mphindi zosachepera 15, zovala zonyowa ndi asidi zikuvulidwa madzi ali mkati moyenda. Wina angaope kuti madziwo atenthetsa chilonda. Angatero ngati ali ochepa, monga a pansalu yonyowa kapena a m'kapu imodzi. Koma madzi a pampopi amachuluka kwambiri kuposa madontho a asidiwo, ndipo amachotsa asidi ndi kutentha pamodzi. Mfundo yake ndi yomwe ija, yakuti madzi azikhala ambiri kuposa asidi nthawi zonse. Soda, sopo kapena mafuta sizipakidwa pachilonda, ndipo wovulala m'maso amapita kuchipatala ngakhale ululu utachepa. Popeza pampopi madzi amatha kusiya nthawi ina iliyonse, woyang'anira ophunzira amayamba watsimikiza kuti akutuluka, kapena kuti pali ndowa zodzaza pafupi, botolo la asidi lisanatsitsidwe pashelefu.